Lekani kugula sitika, werengani dzina lonse la pulosesa

Mwezi watha mtsikana wina amene timadzipereka naye ku wailesi anabwera ndi laputopu m'chikwama, nkhope ili ngwee. Wapeza malo ku koleji, ndipo amayi ake, amene amalima ndiwo zamasamba kuno ku Kasisi, anasonkhanitsa K5,500 kuti mwana asamabwereke makina a anzake. Anakwera basi, kudutsa ku Chelstone mpaka mu tauni, n'kulowa mu shopu ina imene sinditchula dzina. Pa tebulo panali malaputopu awiri ofanana msinkhu. Ina inali ndi sitika ya Core i5 pa K5,000, inayo ya Core i7 pa K5,500. Wogulitsa anamuuza kuti, "Ba sisi, osataya nthawi na i5. Iyi ni i7, ni yamphamvu maningi, faivi handiredi chabe pamwamba." Mtsikanayo anawonjezera ndalama imene anasungira chakudya ndi basi ya sabata yoyamba, n'kutenga i7.

Nditaiyatsa ndi kuwerenga dzina la pulosesa ndinapeza `i7-6600U`. Mwayi wake anali atajambula pa foni mapepala a mitengo a malaputopu onse awiri kuti atumizire amalume ake. Pa pepala la imene anaisiya panalembedwa `i5-8250U`. Analipira K500 yoonjezera kuti atenge makina akale ndi zaka ziwiri, okhala ndi theka la antchito a m'kati, komanso amene Microsoft sanawaike pa mndandanda wa makina oyenera Windows 11. Wogulitsa sananame liwu ngakhale limodzi lokhudza sitika. Inalidi i7. Anangosiya kuwerenga zilembo zisanu zotsatira, ndipo ndikukhulupirira kuti anadziwa chimene anali kusiya.

Mkwiyo wanga uli pawiri. Uli pa ogulitsa amene amalemba "Core i7, 8GB, 256GB" pa kapepala kapena pa WhatsApp n'kulekera pomwepo ngati dzina latha. Uli pa ifenso ogula, makamaka ife anyamata amene timadzitcha odziwa makompyuta, chifukwa ndife tinaphunzitsa azing'ono athu nyimbo yakuti i3 ndi ya ana, i5 ndi ya pakati, i7 ndi ya mabwana. Nyimbo imeneyi imagwira ntchito pokhapokha mukuyerekeza mapulosesa obadwa chaka chimodzi komanso a mtundu umodzi. Pa tebulo la malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito, pamene makina a 2012 agona pambali pa makina a 2020, imakusocheretsani.

Ganizani za Corolla. Munthu akakuuzani kuti akugulitsa Corolla simutulutsa ndalama musanafunse kuti ndi ya chaka chanji, chifukwa dzinalo lakhala pa galimoto kwa zaka zambirimbiri. Dzina la Core i7 lakhala pa malaputopu kuyambira 2009. Mwana wobadwa chaka chimenecho lero ali ku sekondale. Komabe timagula ngati i7 yonse ndi imodzi.

Tiyeni tithyole dzina la imene inasiyidwa pa tebulo ija, `i5-8250U`. Lili ndi zigawo zitatu zofunika. Choyamba ndi `i5`, chimene chimangonena malo ake pakati pa abale ake obadwa nthawi imodzi. Chachiwiri ndi nambala yoyamba pambuyo pa kamzere, apa ndi 8, imene imanena m'badwo, kapena jenereshoni monga amanenera m'mashopu. Chachitatu ndi chilembo chakumapeto, apa ndi `U`, chimene chimanena kuchuluka kwa magetsi amene pulosesa inapangidwira kudya, ndiye kuti mphamvu yake ndi kutentha kwake. Manambala atatu a pakati, 250, musavutike nawo kwambiri. Amangosiyanitsa abale a m'nyumba imodzi, moti `i5-8350U` imathamangako pang'ono kuposa `i5-8250U`, koma kusiyana kwake simungakuone polemba asainimenti.

Ine ndikawerenga dzina ndimayambira pa m'badwo, kenako chilembo chakumapeto, ndipo `i5` kapena `i7` ndimaiyang'ana pomaliza. Ogulitsa ambiri amayambira kumene ine ndimathera, n'kuthera pomwepo.

Pali kachinyengo kakang'ono kosinthira m'badwo kukhala chaka. Tengani nambala ya m'badwo muiphatikize ndi 2009. M'badwo wa 3 ukupatsani 2012, wa 4 ukupatsani 2013, wa 6 ukupatsani 2015, wa 8 ukupatsani 2017, wa 11 ukupatsani 2020. Nthawi zina mudzaphonya ndi chaka chimodzi, monga m'badwo wa 12 umene unafika pa malaputopu mu 2022, koma simudzaphonya ndi zaka zisanu. Ndiye munthu akakuonetsani `i7-4600U` yopukutidwa bwino, mukudziwa kuti pulosesa yake ndi ya 2013, ndipo pokhapokha ngati wina anasintha batire, nayonso yakalamba chimodzimodzi.

Pali malo amodzi amene anthu amapunthwa powerenga m'badwo, ndipo ndaona ngakhale okonza makompyuta akupunthwapo. Kuyambira m'badwo wa 10, nambala ya m'badwo ili ndi manambala awiri. Pa `i5-10210U` n'zosavuta, pali manambala asanu, awiri oyamba ndi 10. Koma pa `i5-1135G7` pali manambala anayi musanafike pa chilembo, ndipo wosadziwa amaona 1 woyamba n'kunena kuti ndi m'badwo woyamba. Ayi, ndi wa 11. Chimodzimodzi `i5-1235U` ndi ya m'badwo wa 12, ndipo `i7-1065G7` ndi ya wa 10. Lamulo lake ndi lakuti dzina likayamba ndi 1 ndipo lili ndi manambala anayi kapena asanu, werengani awiri oyamba pamodzi. M'badwo woyamba weniweni, wa 2010, unali ndi manambala atatu okha, monga `i5-520M`. Mukaona manambala atatu pambuyo pa `i5` kapena `i7`, makinawo ndi akale kwambiri moti oyenera kuwagula ndi amene akufuna zipangizo zokonzera ena.

Tsopano chifukwa chake ndikulimbikira pa mzere wa pakati pa m'badwo wa 7 ndi wa 8. M'kati mwa pulosesa muli timagawo timene timagwira ntchito patokha, pa sikirini timalembedwa `Cores`, ine ndizititcha makoo. Koo iliyonse ili ngati munthu mmodzi pa munda. Kuyambira m'badwo wa 4 kufika wa 7, pafupifupi mapulosesa onse a `U` amene mudzakumana nawo anali ndi makoo awiri basi, kaya ndi i3, i5 kapena i7. Kusiyana kwa i5 ndi i7 pa nthawi imeneyo kunali kwakuti olima awiri a i7 ankagwetsa khasu mofulumirako pang'ono. Mu 2017, pa m'badwo wa 8, Intel anaika makoo anayi mu i5 ndi i7 za `U`. Ndiye `i7-6600U` ya mtsikana uja ili ndi makoo awiri, `i7-7500U` nayonso awiri, koma `i5-8250U` ili ndi anayi. Zonsezi zinapangidwira mawati 15. Pa magetsi omwewo, i5 ya m'badwo wa 8 ikutumiza anthu anayi ku munda pamene i7 ya m'badwo wa 6 ikutumiza awiri.

Wogulitsa wochenjera ali ndi chida china. Adzatsegula sikirini n'kukuonetsani kuti pambali pa dzina la i7 ija palembedwa `2.60GHz`, pamene pa i5 palembedwa `1.60GHz`. Ndiye adzati, mwaona nokha, iyi ithamanga. Nambala imeneyo ndi liwiro loyambira chabe. Ntchito ikakula mapulosesa onse awiri amakwera, ndipo pamwamba pake onse amafika pa 3.4GHz. Choncho mukatsegula chikalata chimodzi cha Word simudzamva kusiyana kwenikweni. Kusiyana kumabwera Lachitatu madzulo pamene muli pa kalasi ya Zoom, Chrome ili ndi masamba khumi otsegula, WhatsApp ikulira pambali, ndipo Windows yasankha nthawi yomweyo kuti idzikonze. Apo makoo awiri amadzaza, fani imayamba kulira, mawu a aphunzitsi amadukaduka. Kumabweranso mukafuna kutulutsa kavidiyo ka mphindi zisanu ka ukwati kapena ka tchalitchi, kumene makina a makoo anayi amamaliza inu musanatope ndi kudikira.

Pali nkhani yachiwiri pa mzere womwewu. Microsoft analeka kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Mndandanda wa mapulosesa a Intel ovomerezeka pa Windows 11 umayambira pa m'badwo wa 8, kupatula ochepa kwambiri a m'badwo wa 7 amene simudzawapeza kawirikawiri pa matebulo athu. M'mashopu mudzaona makina a m'badwo wa 4 kapena wa 6 akuyaka ndi Windows 11, ndipo wogulitsa adzakulozerani ngati umboni wakuti ndi atsopano. Pali njira zodumphira mayeso poika Windows 11 pa makina akale, ndipo anyamata okonza amazidziwa. Makinawo amayaka, amagwira ntchito, koma Microsoft ananena poyera kuti makina otere alibe lonjezo lolandira zokonza zatsopano. Mwina adzalandira chaka chino, mwina chaka chamawa mudzafunika kulipiranso munthu kuti akuikireni. Windows 11 pa sikirini sikuuzani zaka za makina. Dzina la pulosesa ndi limene limakuuzani.

Ndisabise, inenso ndinagwapo. Zaka zingapo zapitazo, nditangomaliza satifiketi yanga, ndinagula laputopu yolemera ngati njerwa chifukwa cha sitika ya i7. M'kati munali `i7-3520M`, ya 2012, makoo awiri. Chimene sindinadziwe ndi tanthauzo la `M` uja. Mapulosesa a `M` a nthawi imeneyo anapangidwira mawati 35, kuposa kawiri a `U`. Phatikizani ndi batire yokalamba, mudzamvetsa chifukwa chake ndinkajambula mawu a alimi ku munda ndi foni, n'kufika kunyumba magetsi atazima, ndipo laputopu inkafa ndisanamalize kudula pulogalamu ya mphindi makumi awiri. M'chaka cha 2024, chilala chitatsitsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi akumazima pafupifupi tsiku lonse, makina amenewo anasanduka chotsamira chitseko.

Ndiye chilembo chakumapeto sichokongoletsa. `U` ndi pulosesa yosamala magetsi, ya mawati pafupifupi 15, imene ili m'malaputopu ambiri a m'maofesi. Kwa wophunzira, kwa wolemba malipoti, kwa wodula mawu pa Audacity ngati ine, imeneyi ndiyo yoyenera, makamaka ngati mumakhala kumene magetsi amabwera mwa kufuna kwawo kapena mumadalira kasola kakang'ono. `H` ndi ya mawati pafupifupi 45. Imakhala ndi makoo ambiri, imatha kuthamanga nthawi yaitali osatopa, ndipo imafuna mafani akulu ndi chaja yaikulu. Onani abale awiri a m'badwo wa 8: `i7-8550U` ili ndi makoo anayi pa mawati 15, pamene `i7-8750H` ili ndi makoo asanu ndi limodzi pa mawati 45. Onse ndi i7, onse ndi m'badwo wa 8, koma ndi nyama ziwiri zosiyana. Wopanga mavidiyo tsiku ndi tsiku, wophunzira zojambula mapulani a nyumba, kapena wosewera magemu akulu, afune `H`. Akaigula adziwe kuti batire sidzamufikitsa kutali, ndiponso kuti fumbi la mu Okutobala likadzaza mu fani, makinawo amatentha n'kudzichepetsa okha liwiro mpaka kumayenda ngati `U`.

Mawati amenewa musawatenge ngati muyeso wa magetsi onse amene laputopu imadya. Ndi nambala imene wopanga amapereka yosonyeza kutentha kumene makina ayenera kutha kuchotsa, ndipo sikirini ndi zina zimadyanso zawo. Koma poyerekeza mapulosesa awiri imakuuzani bwino amene ali wadyera.

Chilembo chimene ndimachenjeza anthu kwambiri ndi `Y`. Chimapezeka m'malaputopu opyapyala okongola, ambiri opanda fani, amene amakopa maso pa tebulo. `i7-7Y75` ndi i7 ndithu, ya m'badwo wa 7, koma inapangidwira mawati 4.5 okha ndipo ili ndi makoo awiri. Pa kulemba ndi kuwerenga ili bwino, batire imakhalitsa ngati ikadali yamoyo. Mukaipatsa ntchito yolemera kwa mphindi zingapo imatentha n'kubwerera m'mbuyo. Onani kuti apa `Y` wabisala pakati pa dzina, osati kumapeto. Zilembo zina mudzakumana nazo mwa apo ndi apo. `P` ya m'badwo wa 12 ndi 13 ili pakati, pa mawati 28. `HX` ndi yadyera kuposa `H`. `G7`, monga pa `i5-1135G7`, imanena za mphamvu ya zithunzi ya m'kati mwa pulosesa, ndipo pa nkhani ya magetsi muiwerenge ngati m'bale wa `U`. Pa makina akale, `Q` amatanthauza makoo anayi, monga `i7-4700MQ` ya 2013.

Ndaitchula dala `i7-4700MQ` chifukwa ndi pamene wonditsutsa angaime. Adzati, nanga si iyi ndi yakale koma ili ndi makoo anayi, ndipo pa ntchito yolemera imalimbana ndi i5 yanu ya m'badwo wa 8? N'zoona, imalimbana nayo. Koma imatero pa mawati 47, katatu kuposa inzake, m'thupi lolemera, ndi batire ya zaka zoposa khumi, popanda Windows 11 yovomerezeka. Ngati mudzaiika pa tebulo pafupi ndi soketi ndipo mwaipeza motchipa, itengeni. Ngati mudzainyamula pa basi kupita ku kalasi tsiku lililonse, mudzaitukwana.

Wonditsutsa wina, ndipo uyu ndimamulemekeza, adzati si aliyense ali ndi K5,000, ndipo makina a m'badwo wa 6 okhala ndi SSD ndi RAM ya 8GB amagwira ntchito bwino kuposa makina atsopano okhala ndi hadi disiki yozungulira ndi RAM ya 4GB. Izinso n'zoona. Ku wailesi tili ndi kompyuta yakale imene inatsitsimuka tsiku limene tinaiikira SSD. Sindikunena kuti makina akale atayidwe. Ndikunena kuti agulitsidwe pa mtengo wa makina akale, ndipo wogula adziwe chimene akugula. Pali kusiyananso kumodzi kofunika. SSD mungathe kuika mawa, RAM pa makina ambiri a m'maofesi mungathe kuwonjezera mukapeza ndalama, batire mungasinthe. Pulosesa ya `U`, ya `Y` kapena ya `H` inawotchereredwa pa bodi. Imene mwatuluka nayo mu shopu ndi imene mudzakhala nayo mpaka makinawo adzafe.

Ogulitsa nawo ali ndi yankho lawo, ndalimvapo kangapo. Amati makasitomala ndiwo amafunsa i7, ukayamba kuwafotokozera za jenereshoni amaganiza kuti ukuwazunguza, amapita pa shopu yoyandikana. Ndikumva. Lendi mu tauni si yamasewera. Koma kulemba `i7-6600U` m'malo mwa "Core i7" kumatenga zilembo zisanu ndi kamzere. Ogulitsa ena amalemba kale dzina lonse, ndipo shopu ya mtsikana uja inalemba lonse pa kapepala, pakamwa ndi pamene panasowa chilungamo. Munthu amene amagula malaputopu ambirimbiri kuchokera kunja amadziwa bwino lomwe kusiyana kwa m'badwo wa 6 ndi wa 8, chifukwa iye mwini anawagula pa mitengo yosiyana. Akaika yakale pa mtengo wapamwamba chifukwa cha sitika, akudya pa umbuli wa mwana wa mlimi.

Musadalirenso dzina la laputopu lokha. Anthu amati EliteBook 840 G5 kapena ThinkPad T480 ndi makina a m'badwo wa 8, ndipo ambiri alidi otero. Koma mitundu yonse iwiri inatulukanso ndi mapulosesa a m'badwo wa 7 monga `i5-7300U`, a makoo awiri, m'thupi lofanana ndendende. Kunja simungasiyanitse. Sitika nayo imamatuka ndi kumatidwa pa makina ena, ndipo chivundikiro cha pansi pa kiyibodi chimatha kuchokera pa laputopu ina pokonza.

Choncho yatsani makina musanalipire. Dinani mabatani atatu awa pamodzi:

```
Ctrl + Shift + Esc
```

Padzatseguka `Task Manager`. Pitani pa `Performance`, kenako `CPU`. Pamwamba kumanja mudzaona dzina lonse la pulosesa, ndipo pansi mudzaona `Cores` ndi `Logical processors`. Pa `i5-8250U` muyenera kuona 4 ndi 8. Pa `i7-6600U` mudzaona 2 ndi 4. Samalani apa, chifukwa wogulitsa angakulozereni 4 wa `Logical processors`, kapena timabokosi tinayi ta pa chithunzi, n'kunena kuti ndi makoo anayi. Nambala yachiwiriyo imangonena kuti koo iliyonse imatha kugwira ntchito ziwiri mosinthanasinthana, ngati munthu mmodzi wophika nsima uku akuyang'anira ndiwo. Akadali munthu mmodzi. Werengani `Cores`.

Dzina limene Windows imaonetsa, makamaka pa `Settings`, `System`, `About`, munthu wodziwa akhoza kulisintha kuti lioneke lina. Sizichitika tsiku lililonse, koma n'zotheka. Ngati dzina likunena i5 ya m'badwo wa 8 ya `U` koma `Cores` ikuonetsa 2, pali chimene chalakwika. Kuti mutsimikize, zimitsani makina, muwayatsenso mukudina `F10` pa HP, `F2` pa Dell, kapena `F1` pa ThinkPad. Mudzalowa mu BIOS, kumene dzina la pulosesa silidalira zimene zalembedwa mu Windows. Mukakhala ndi mabandulo, lembani dzinalo pa foni, tsamba la Intel kapena la AMD lidzakuuzani chaka, makoo ndi mawati. Wogulitsa amene akukana kuti muchite zimenezi kwa mphindi zitatu wakuuzani kale zonse zimene mumafuna kudziwa.

Za AMD ndinena mwachidule, chifukwa pa matebulo athu ndi ochepa poyerekeza ndi Intel, ngakhale akuchuluka. Pa `Ryzen 5 3500U` muwerenge chimodzimodzi: 5 ndi malo ake, 3 ndi gulu la chaka, `U` ndi `H` zili ndi tanthauzo lofanana ndi la Intel. Kuti mukhale otsimikiza za Windows 11 pa laputopu, yambirani pa gulu la 3000. Koma AMD nawo ali ndi mlandu wosokoneza anthu. Pa gulu la 7000, nambala yoyamba imangonena chaka chogulitsira, 2023, ndipo imene imanena msinkhu weniweni wa kapangidwe ndi yachitatu. `Ryzen 5 7520U` ili ndi 2 pa malo achitatu, kutanthauza kapangidwe ka Zen 2 kamene kanayamba mu 2019, ndipo ili ndi makoo anayi. `Ryzen 5 7530U` ndi Zen 3, makoo asanu ndi limodzi. `Ryzen 5 7540U` ndi Zen 4. Nambala imodzi pakati pa dzina, ndipo mwalumpha zaka zingapo. Ndiye `Ryzen 5 5600U` ya 2021 imaposa `7520U` ngakhale nambala yake ikuoneka yaing'ono.

Intel nayenso anasintha mayina kumapeto kwa 2023. Anachotsa chilembo cha i pa mapulosesa atsopano n'kuyambiranso kuwerenga. `Core Ultra 7 155H` ili ndi manambala atatu ngati zakale za 2010 zija, koma kusowa kwa i ndi kupezeka kwa liwu la `Ultra` kukuuzani kuti ndi yatsopano, ndipo 1 woyambayo ndi gulu loyamba la mayina atsopanowa. `U` ndi `H` zikadali ndi tanthauzo lomwelo. Zimenezi sizinafike kwambiri pa msika wa makina ogwiritsidwapo kale ntchito, koma zikubwera, ndipo ndikudziwa kale kuti liwu la `Ultra` lidzakhala sitika yatsopano yogwirira anthu.

Kwa amene amati ine ndigula yatsopano ya m'katoni kuti ndipewe zonsezi, werenganinso dzina. Malaputopu atsopano otchipa kwambiri kawirikawiri amakhala ndi `Celeron N4020` kapena m'bale wake. `N` ameneyo ndi gulu lapansi kwambiri, makoo awiri pa mawati 6, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi RAM ya 4GB yosatheka kuwonjezera. Katoni ndi yatsopano, pulasitiki ikununkhira, waranti ilipo, koma pa liwiro i5 ya m'badwo wa 8 imene yagwira ntchito mu ofesi kwa zaka zisanu imaisiya kutali.

Mtsikana uja anabwerera mu tauni Loweruka lotsatira, ndipo ndinamuperekeza. M'basi ndinamuuza kuti ine sindilankhula, alankhule yekha. Atafika anaika laputopu pa tebulo, anatsegula `Task Manager`, n'kuloza pa `Cores`. Anati, "Ba bosi, iyi ili na makoo awiri, ni ya 2015. Nifuna ija ya eiti jeni." Wogulitsa anayang'ana iye, anayang'ana ine, n'kunena kuti ija inagulidwa Lachinayi. Panali ina ya `i5-8350U`, koma mtengo wake tsopano unali K5,800, ndipo ndalama sabweza, amangosinthitsa. Anaimbira amayi ake. Anatumiza K300 pa foni, ndalama ya feteleza wa pa bedi la repu.